Zigubu za mafuta achikasu mu Hilux ya amalume

Foni inalira mbandakucha, mwezi wa Juni, nthawi ija munthu sufuna kutulutsa ngakhale chala kunja kwa bulangete. Anali amalume.

"Mphwanga, galimoto yandikanira pa msewu wa ku Chadiza. Kulira ikulira, koma ndikaponda ikungolefuka. Tenga zitsulo zako ubwere."

Amalume amagula soya ndi mpendadzuwa m'midzi n'kumadzagulitsa m'tauni muno mu Chipata. Vani yawo ndi Hilux ya D-4D, injini ya 2KD, ndipo chiigulireni palibe wina amaigwira koma ine. Ndimaidziwa kulira kwake. Sevisi inali isanakwane, fyuluta ya dizilo ndinali nditaika ndekha miyezi yochepa m'mbuyomo, ndiye m'njira yonse ndinkangodzifunsa kuti chalakwika n'chiyani.

Ndinawapeza ataimika m'mbali mwa msewu, matumba ali kumbuyo, iwo manja ali m'khwapa. Pa dashibodi kagetsi ka fyuluta kanali kayakiratu osaphethira. Pa ma Hilux a m'badwo umenewu kagetsiko kakamaphethira ndiye kuti m'kapu ya fyuluta mwadzaza madzi, koma kakangoyaka phee ndiye kuti fyuluta yatsekeka. Nditadina kapampu ka pamwamba pa fyuluta kanalowa pansi n'kubwerera mwaulesi. Nditatsegula chotsekera thanki ndinamva fungo la pamalo pokazingira tchipisi.

"Amalume, mwathiramo chiyani umu?"

"Bayodizilo, mphwanga. Pang'ono chabe. Ndimasakaniza."

Masamu a mu thanki

Tinaika fyuluta ina kuti tingofika ku galaja, ndipo m'njira anandifotokozera. Kuli mnyamata wina amene amatolera saladi yotha ntchito kwa okazinga tchipisi ndi vitumbuwa cha ku Kapata, n'kumaiphika kuti isanduke mafuta a galimoto. Mnzawo wa amalume, mwini Hilux yakale ya injini ya 5L, wakhala akuthira mafutawo osadandaula. Amalume anaona kuti nawonso asatsalire.

Ndinawapempha kuti andiuze mmene ankathirira, chigubu ndi chigubu, ndipo ndinalemba pa chikatoni cha fyuluta.

Thanki yawo imalowa malita 80. Ulendo woyamba munali mutatsala dizilo wokwana malita 20. Anathira chigubu chimodzi cha mafuta achikasuwo, malita 20, kenako anakadzazitsa pa filingi siteshoni ndi malita 40. Ndiye kuti pa malita 80, malita 20 anali bayodizilo. Kotala imeneyo, imene pa chilembo cha mafuta imalembedwa B25. Nambala ya kutsogolo kwa B imangonena kuti pa malita 100 aliwonse, angati ndi bayodizilo: B5 ndi malita 5, B20 ndi malita 20, B100 ndi bayodizilo yekhayekha.

Galimoto inayenda bwinobwino, ndipo mtima unakhala pansi. Geji itafika pa theka anathira zigubu ziwiri, thanki n'kudzaza. M'maganizo mwawo anali atasakaniza theka ndi theka. Koma malita 40 amene anatsala mu thanki aja sanali dizilo yekha, munali kale malita 10 a bayodizilo. Kuphatikiza ndi 40 atsopanowo anakwana 50 pa 80. Galimoto imene inakana m'mawa uja inali ikumwa mafuta opitirira B60.

Amalume anayang'ana chikatonicho nthawi yaitali. "Zotsalira nazonso zimawerengedwa?"

Zimawerengedwa, ndipo anthu ambiri amene amati amasakaniza pang'ono amagwera pomwepa. Ukamathira chigubu nthawi iliyonse geji ikatsika, osadikira kuti thanki itheretu, mlingo umakwera wokha iwe osadziwa.

Mabuku a mavani ambiri a m'badwo uno amalola B5, ena B7. Muyezo wa dizilo wa ku Ulaya, EN 590, umene opanga mapampu ndi mainjekita amatsatira, umalola bayodizilo mpaka 7 pa 100. Kuno kwathu ku Zambia boma linalengeza mu 2011 kuti dizilo atha kusakanizidwa mpaka 5 pa 100. Mu thanki ya malita 80, B5 ndi malita 4 basi, osakwana ngakhale kachigubu ka malita 5. Amalume anali atathiramo kuposa pamenepo kakhumi ndi kawiri.

Komabe kuchuluka kokha sikunandikhutiritse. Bayodizilo wabwino, ngakhale atachuluka chonchi, samagwetsa galimoto msanga chotero. Ndinafuna kuona mafutawo ndi maso.

Mabotolo atatu pa benchi

Kumbuyo kwa vani kunali kutatsala chigubu china chosatsegula cha gulu lomwelo. Tinachitsitsa.

Poyamba ndinang'amba fyuluta imene tinachotsa ija. Inali yolemera m'manja. Pakati pa mapindo a pepala panali zinthu za mitundu iwiri. Kunali timakoko takuda tokhakhala ukatipekesa ndi zala, komanso phula lofiirira lonanda limene silinkachoka pa chala ngakhale upukute ndi nsanza. Timakoko takudato sitinandidabwitse. Bayodizilo amasungunula litsiro limene dizilo wakhala akusiya m'makoma a thanki kwa zaka, ndipo lonselo limathamangira ku fyuluta. Zimenezi zimachitika ngakhale ndi bayodizilo wabwino kwambiri, ndipo zimatha ukasintha fyuluta kamodzi kapena kawiri. Chimene chinandiopsa ndi phula lija.

Kuti mumvetse phulalo muyenera kudziwa mmene bayodizilo amapangidwira. Saladi payokha ndi yolemera kwambiri, pafupifupi kakhumi kuposa dizilo ikamayenda m'paipi. Chimene chimailemeretsa ndi gilisalini amene wamanga mafutawo atatuatatu. Wopanga amatenthetsa saladi kufika madigiri 55 kapena kuposerapo pang'ono, n'kuthiramo methanolo amene wasungunuliramo soda wa kositiki. Pa lita imodzi ya saladi yatsopano pamafunika methanolo wokwana mamililita 200 ndi soda wa magalamu 3.5 kapena kuposera pang'ono. Akatakasa kwa ola limodzi n'kusiya, gilisalini amakhazikika pansi, wakuda bii, ndipo pamwamba pamatsala mafuta opepuka. Koma ntchito sinathe. Mafutawo amayenera kutsukidwa ndi madzi kangapo kuti sopo ndi soda wotsalira zichoke, kenako kuumitsidwa mpaka awale mbee. Sitepe iliyonse imene wopanga wadumpha imakathera mu fyuluta ya munthu wina, kapena kupitirira fyulutayo.

Botolo loyamba linali la madzi. Ndinathira mafutawo theka la botolo loyera, theka linalo madzi a pampopi, n'kutseka, n'kukhutchumula mwamphamvu kwa masekondi khumi. Bayodizilo wotsukidwa bwino amalekana ndi madzi pasanathe theka la ola: mafuta pamwamba, madzi oyera pansi, pakati kamzere kopyapyala. Athuwa patatha ola lathunthu botolo lonse linali likadali ngati thobwa. Umenewo ndi sopo. Saladi imene yakazingira kambirimbiri imakhala ndi asidi wambiri, ndipo asidiyo akakumana ndi soda amapanga sopo m'malo mopanga mafuta a galimoto. Sopoyo ndi amene amamata fyuluta, ndipo amene wadutsa amakauma m'kati mwa mainjekita.

Botolo lachiwiri ndi limene linathetsa nkhani. Opanga bayodizilo ali ndi kayezedwe kamene amakatchula 27/3. Umatenga sirinji, n'kuyeza mamililita 27 a methanolo m'kabotolo kouma, n'kuwonjezera mamililita 3 a mafuta amene ukuwakayikira, zonse zili pa madigiri 20 kapena pafupi pamenepo. Ukakhutchumula n'kusiya kwa mphindi zingapo, bayodizilo weniweni amasungunukiratu, osaoneka. Saladi imene sinasinthike sisungunuka mu methanolo, imagwa pansi. Spiriti wofiirira wa m'sitolo sagwira ntchito imeneyi, pamafunika methanolo weniweni, ndipo ameneyu ndi poizoni: amachititsa khungu ukamumwa, amalowa ndi pakhungu pomwe, ndiye magolovesi, panja, kutali ndi moto.

Tinaika kabotoloko padzuwa la pakhomo la galaja kuti tione bwino. Poyamba munali chifunga chokhachokha. Kenako timadontho tachikasu tinayamba kutsika, kamodzikamodzi, n'kumakumana pansi mpaka panapangika mkanda umodzi waukulu wozungulira umene unkagubuduka ukapendeketsa botolo. Ndinaukoka ndi sirinji: pafupifupi theka la mililita. Pa mamililita 3 amene tinathira, gawo limodzi mwa magawo 6 linali saladi imene sinasinthike n'komwe. Kayezedwe aka si ka ku labu, sikakupatsa nambala yeniyeni, koma mkanda wa msinkhu umenewo sufuna labu.

Amalume anagwira kabotoloko, kukapendeketsa uku ndi uku.

"Ndiye kuti ndakhala ndikuyendera saladi?"

"Mbali ina ndi saladi, amalume. Mbali ina sopo. Mbali yotsalayo ndi bayodizilo ndithu."

Botolo lachitatu silinafune mankhwala. Ndinadzaza mafutawo n'kulisiya pa denga la galaja usiku wonse, pambali pake botolo la dizilo wa pa filingi siteshoni. M'mawa dzuwa lisanatuluke la dizilo linali loyera, pomwe linalo linali lachita mtambo, pansi pali timibulu toyera. Dzuwa litakwera timibuluto tinasungunuka, mafuta n'kuoneka abwinobwino. Saladi yambiri imene okazinga amagula ndi ya mafuta a kanjedza, ndipo bayodizilo wochokera ku kanjedza amayamba kugwirana kuzizira kukangofika cha m'madigiri 13 mpaka 15. Usiku wa Juni ndi Julayi kuno ku Chipata umatsika kupitirira pamenepo. Wa soya kapena wa mpendadzuwa amapirira mpaka pafupi ndi 0. N'chifukwa chake galimoto inakana mbandakucha osati masana: fyuluta inali itamatidwa kale ndi sopo ndi litsiro, timibulu ta kuzizira tinangomalizitsa.

Kuyambira tsiku limenelo munthu akandifunsa ngati vani yake ingayendere bayodizilo, sindiyamba ndafunsa za galimoto. Ndimamuuza abweretse kabotolo ka mafutawo.

Nanga ya anzawo bwanji ikuyenda?

Funso limeneli amalume analifunsa katatu, ndipo linali lomveka. Mafuta amodzimodzi, wogulitsa mmodzi, ma Hilux onse awiri.

Kunja zimafanana, koma njira imene mafuta amadutsa ndi yosiyana kotheratu. Injini ya 5L, pamodzi ndi 3L imene inaitsogolera, ili ndi pampu yozungulira yoyendera magiya ndi masipuling'i. Nozo yake ili ndi bowo limodzi lalikulupo, imatseguka pa mphamvu ya mabaa pafupifupi 150, ndipo imapopera mafuta m'kachipinda kakang'ono kotentha ka mu hedi momwe amayamba kupsa asanafike pa pisitoni. Mafuta olemererapo kapena odetsedwa pang'ono imawameza. Imatha kuvuta kulira m'mawa, kutulutsa utsi woyera kwa kanthawi, koma imapita.

D-4D ndi komoni relo, ndiye kuti mainjekita onse amatenga mafuta m'paipi imodzi, relo, momwe amakhala atapanikizika. Pampu yake imakankha mafuta pa mphamvu yopitirira mabaa 1,300, ndipo injekita iliyonse imawatulutsa pa timabowo tingapo tating'onoting'ono, molunjika pa pisitoni, kompyuta ikuwerengera nthawi yake. Mipata ya m'kati mwa injekita ndi yochepa kuposa tsitsi la munthu kutali. Sopo akaumiramo, singano imachedwa kutseguka kapena kutseka, ndipo injini imayamba kugogoda ikazizira. Saladi yolemera sipopereka bwino, imamenya khoma la silinda n'kutsikira mu oyilo. Madzi, amene bayodizilo amakoka kuposa dizilo, amadyetsa dzimbiri zitsulo zosalala za m'pampu. Komanso pa pampu pali kavalavu kamene kamayeza mafuta olowa, ndipo kakayamba kumata galimoto imazima yokha pa mphambano. Fyuluta ikatsekeka mphamvu ya mu relo imatsika, kompyuta n'kuchepetsa mafuta, dalaivala n'kumamva kulefuka kumene amalume ananena.

Ndiye fyuluta ija inagwira ntchito yake. Inatsekeka n'kuimitsa galimoto zinthu zodula zisanawonongeke. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akuboola fyuluta ndi sikuludilaiva kuti afike kunyumba, chifukwa amakhala wapulumutsa chinthu chotchipa kwambiri pa galimoto yonse n'kupereka nsembe mainjekita anayi.

Yakaleyo nayonso siidutsa yaulere. Bayodizilo wochuluka amafewetsa labala wa mtundu wakale. Mnzawo wa amalume uja anabwera yekha patapita miyezi, akudandaula fungo la mafuta m'kabini. Timapaipi tobweza mafuta kuchoka ku manozo tinali titatupa, tikuchita thukuta, ukatifinya tikusiya zakuda m'zala. Tinasintha ndi mapaipi a labala wosamva bayodizilo, wa mtundu wa Viton. Ndinamuuza kuti chotsatira ndi timalabala ta m'kati mwa pampu, ndipo kuti tsiku limene adzaone pansi pa pampu panyowa asadzadikire.

Mavani atsopano kwambiri, makamaka obwera kuchokera ku Ulaya kapena ku Japan ali ndi sefa ya mwaye ku ekizozi imene imatchedwa DPF, ali ndi vuto lawolawo. Ambiri amawotcha mwayewo popopera mafuta owonjezera mochedwa mu silinda, ndipo ena mwa mafutawo amatsikira mu oyilo. Dizilo wamba mbali yake imauluka injini ikatentha, koma bayodizilo amawira pa kutentha kwakukulu, ndiye amangokhala momwemo. Chizindikiro chake n'chakuti oyilo pa dipisitiki amakwera m'malo motsika. Mwini galimoto amasangalala kuti injini yake sidya oyilo, pamene oyiloyo akusanduka madzi. Galimoto ya DPF ine sindiilola kupitirira chimene buku lake lanena.

Ena amanditsutsa ndi nkhani ya ku Indonesia, kumene dziko lonse linayamba B30 mu 2020 n'kukwera kufika B35 mu 2023, ndipo ma Hilux ndi ma Isuzu akuyenda. N'zoona. Koma kumeneko mafutawo amachokera m'mafakitale akuluakulu ndipo amayezedwa asanafike pa pampu, nyengo ya m'madera ambiri ndi yotentha chaka chonse, ndipo opanga magalimoto amakonzeratu mapaipi ndi mafyuluta a msika umenewo. Zimasonyeza kuti injini ya komoni relo itha kuyendera bayodizilo wambiri. Sizikunena kanthu za chigubu chimene chagona pa khonde ku Kapata.

Zimene tinachita pa galimoto

Tinatsitsa thanki yonse. Kupopa ndi paipi pokha sikukwanira chifukwa zolemera zimatsalira pansi. Pansipo tinapezadi madzi pang'ono ndi matope ofiirira. Tinatsuka ndi dizilo woyera, kuuzira mapaipi ndi mpweya, kuika fyuluta yatsopano yeniyeni, kudzaza dizilo wa pa filingi siteshoni, n'kupopa kapampu mpaka kalimbe.

Kenako ndinayeza mafuta obwerera kuchokera ku injekita iliyonse m'timabotolo tinayi. Onse anali pafupifupi mlingo umodzi, ndipo pa kompyuta manambala amene injini imadzikonzera pa silinda iliyonse anali asanapatuke. Apa mpamene ndinapuma. Oyilo ndinamukhetsa ngakhale nthawi yake inali isanakwane, chifukwa anali atapepuka ndipo ankanunkha zokazinga. Ndinawauza amalume kuti akayenda makilomita 1,000 abwere tidzasinthenso fyuluta, chifukwa zotsalira m'mapaipi zimapitiriza kutuluka. Yachiwiriyo tinaipeza ndi timakoko takuda pang'ono, phula palibe.

Akanapitiriza mathanki ena angapo, nkhani ikanakhala ya mainjekita, mwina ndi pampu yomwe.

Ndiye phindu lili pati?

Madzulo amenewo tinakhala pa benchi, amalume akuwerengera okha. Sindiika mitengo pano chifukwa ERB, bungwe la boma loona za mafuta ndi magetsi, imaisintha pafupipafupi, koma tiyerekeze kuti chigubu chikutchipa ndi K5 pa lita poyerekeza ndi pa pampu. Pa B5, malita 4 pa thanki, mwapulumutsa K20. Pa B20, malita 16, mwapulumutsa K80, koma bayodizilo ali ndi mphamvu yocheperako, pafupifupi 8 pa 100 pa lita iliyonse, ndiye pa B20 galimoto imamwa mowonjezera 1 kapena 2 pa 100. Imeneyo ndi lita imodzi kapena kuposerapo pa thanki, ndipo yadya kale gawo lalikulu la K80 ija. Onjezanipo fyuluta yosintha msanga ndi oyilo wokhetsa msanga.

"Ndiye kuti pamene pali potetezeka palibe ndalama, pamene pali ndalama palibe chitetezo," anatero amalume, akuseka mowawidwa.

Kwa vani ya komoni relo ndi mafuta a m'chigubu, ndi momwemo. Ubwino wa B5 ulipo koma si wa m'thumba. Kuyambira pamene paipi ya TAZAMA inayamba kubweretsa dizilo wa salufa wochepa mu 2023, anthu ena amada nkhawa kuti dizilo ameneyu ndi wouma ku pampu. Bayodizilo wabwino, ngakhale 2 pa 100 yokha, amawonjezera kuterera kumeneko. Koma dizilo wa pa filingi siteshoni amayenera kale kukwaniritsa muyezo wa kuterera, ndiye sindingauze munthu kuti athamangire chigubu pa chifukwa chimenechi chokha.

Chimene ndimauza makasitomala anga tsopano ndi ichi. Ngati bayodizilo wasakanizidwa kale ndi kampani yovomerezeka ndipo pa pampu palembedwa B5 kapena B7, thirani osaganiza kawiri, vani iliyonse ya dizilo imene ili pa msewu wathu idzayenda. Ngati ndi wa m'chigubu ndipo wapambana mabotolo atatu aja, D-4D ndi anzake a komoni relo asapitirire malita 4 pa thanki yodzaza, ndipo muthire bayodizilo poyamba, dizilo pambuyo, kuti zisakanikirane. Yakale ya 3L, 5L kapena Isuzu KB ya pampu wamba itha kufika B20 mapaipi ake atasinthidwa, fyuluta yapadera ili kumbuyo kwa mpando, ndipo miyezi yozizira mlingowo utsike. Mafutawo asagone kupitirira miyezi 6, ndipo asasungidwe m'dilamu ya malata a zinki kapena yokhala ndi mpopi wa mkuwa, chifukwa zitsulo zimenezi zimawawoletsa msanga n'kuyamba kununkha ngati penti wakale. Galimoto imene imaima miyezi osayenda, monga zija zimangodzuka nthawi yokolola, isaimikidwe ndi bayodizilo mu thanki.

Mnyamata uja

Amalume ankafuna kukamukalipira. Ndinawapempha kuti tiyambe tamuitana, ndipo anabwera, mwamantha pang'ono, chipewa chili m'manja. Sanali tambwali. Gulu loyamba limene anagulitsa linachokera ku saladi ya pa lesitilanti ina imene imasintha mafuta msanga, ndipo linatuluka bwino. Gulu lachiwiri anatolera kwa okazinga a m'mbali mwa msewu, saladi yakuda imene yabwerezedwa mpaka kutopa, koma soda anathira mlingo womwewo. Sankadziwa kuti saladi yakale iliyonse imayenera kuyezedwa asidi wake kaye, kuti soda awonjezeredwe molingana, popeza asidiyo amadya soda asanagwire ntchito yake. Methanolo atamuchepera anachepetsako mlingo. Anaphika kunja kukuzizira, mafuta n'kuzizira ntchito isanathe. Kutsuka anatsuka kamodzi, chifukwa atathira madzi zonse zinachita thovu ndipo anaopa kutaya katundu.

Ndinamuonetsa mkanda uja m'kabotolo. Anauyang'ana, n'kufunsa kuti, "Abwana, ndikaphikanso kachiwiri ungachoke?" Ungachoke ndithu: kutenthetsanso, kuwonjezera methanolo ndi soda pang'ono, kutakasa, kukhetsa gilisalini wina amene atuluke, ndiye kutsuka modekha mpaka madzi otsukira atuluke oyera. Ndinamuuzanso zimene sanafune kumva, kuti kugulitsa mafuta a galimoto m'dziko muno kumafuna chilolezo cha ERB, ndipo kuti tsiku lina adzakumana ndi mwini galimoto amene si amalume.

Patapita nthawi anabweretsa kabotolo ka gulu lina. Mu methanolo munalibe mkanda, ndipo ndi madzi kanalekana msanga. Pa denga kanachitabe mtambo, chifukwa kanjedza ndi kanjedza, kuphika bwino sikusintha zimenezo. Mwini 5L uja amathira malita 16 pa thanki kuyambira Seputembala mpaka mvula itatha, Meyi akafika amasiya. Amalume anati K20 siingawadzutsenso mbandakucha pa msewu wa ku Chadiza, ndipo D-4D yawo imangomwa za pa pampu.